Choyezera chaonetsa 80 koma pafupa la nkhuku pali pofiira: cholakwika chili pati?

*"Ndimaphika m'maukwati ndi m'zinkhoswe kuno ku Lilongwe. Achimwene anga amene ali ku Joni ananditumizira kachipangizo kobaya m'nyama koyezera kutentha. Loweruka lapitali ndinabaya nkhuku yootcha, kanaonetsa 80, koma mlendo wina atanyema ntchafu anapeza pafupa pali pofiira mpaka anabweza mbale. Ndinachita manyazi. Pakapepala kake analemba 74 ya nkhuku, 71 ya nyama yogaya ndi 63 ya nkhumba, koma mnzanga amene anagwirako ntchito kuhotela akuti zonse ndi 75. Ndimvere ziti? Kapena kachipangizoka n'kabodza?"* – Mayi wa ku Kawale

Mayi, pepani ndi zimene zinakuonekerani. Kachipangizoko musakataye. Nthawi zambiri choyezera sichinama, chimangonena kutentha kwa malo amene nsonga yake yaima. Nkhuku imodzi yomweyo, pa mphindi imodzi yomweyo, ikhoza kukhala pa madigiri 90 pansi pa khungu, 80 m'mphepete mwa chidale, ndi 62 mkati mwa ntchafu pamene mwendo walumikizana ndi thupi. Manambala onsewo ndi oona. Koma imene imatiuza ngati nyama yapsa ndi yotsikitsitsayo. Munthu akamabaya nyama asakhale akufuna kuona 74, akhale akusaka malo amene sanafike 74. Akawasowa, nyama yapsa.

Tiyambe ndi mkangano wanu ndi mnzanuyo, chifukwa nonse mukunena zoona. Manambala a pakapepala kanu ndi amene nthambi ya zaulimi ya boma la America imalangiza: 74°C ya nkhuku ndi mbalame zonse, 71°C ya nyama yogaya ya ng'ombe, nkhumba kapena mbuzi, ndi 63°C ya nthuli yathunthu ya nkhumba, imene iyenera kusiyidwa mphindi zitatu isanadulidwe. Mnzanuyo anaphunzira dongosolo lochokera ku Britain, limene silisiyanitsa kwambiri mitundu ya nyama koma limamangiriza kutentha ku nthawi: 70°C kwa mphindi ziwiri, kapena 75°C kwa masekondi 30, kapena 80°C kwa masekondi 6. Likupitirira mpaka pansi, kuti 65°C kwa mphindi 10 ndi 60°C kwa mphindi 45 zimagwira ntchito yofanana.

Chimene chikuoneka pamenepa n'chakuti tizilombo toyambitsa matenda sitifa ngati kuzimitsa babu. Timafa pang'onopang'ono, ndipo kutentha kukamakwera timafa mofulumira kwambiri. Pa 60 pamafunika kudikira pafupifupi ola. Pa 74 ntchito imatha munthu asanamalize kuwerenga nambala. N'chifukwa chake 74 ndi 75 ndi manambala abwino kwa munthu amene akuphikira khamu, ali ndi mbaula zitatu ndi atsikana anayi oti aziwayang'anira: safuna wotchi. Inuyo mukagwira nambala imodzi ya 75 pa nkhuku, nyama yogaya ndi masoseji, simudzalakwa. Nkhumba ndiifotokoza payokha kutsogoloku, chifukwa pa 63 paja ndili ndi mawu.

Tsopano tibwerere ku ntchafu ija. Pali zinthu ziwiri zimene zikanachitika, ndipo n'zosiyana kotheratu.

Choyamba, mwina munabaya pachidale kapena pamwamba pa ntchafu, pamene mkati munali musanapse. Izi zimachitika kwambiri pamakala, chifukwa moto wa makala umapsereza kunja mofulumira pomwe kutentha kumalowa mkati mwaulesi. Zimanyanya ngati nkhuku inachoka mufiriza n'kuikidwa pamoto isanasungunuke bwino. Kunja imafewa, munthu n'kuganiza kuti yasungunuka, koma pakati pa ntchafu ndi m'mimba mukadali ayezi. Nkhuku yathunthu imafuna pafupifupi tsiku lathunthu mufiriji kuti isungunuke mpaka mkati. Musanaiike pamoto pisani dzanja m'mimba mwake, ndipo pindani mwendo. Ukamalimba kapena mukamva timibulu ta ayezi, sinakonzeke.

Chachiwiri, mwina nkhuku inapsa bwinobwino, ndipo kufiira kuja sikunali magazi a nyama yaiwisi. Nkhuku zachizungu zimaphedwa zili ndi masabata asanu kapena asanu ndi limodzi okha. Mafupa ake amakhala asanakhwime, ali ndi timabowo, ndiye zofiira za mkati mwa fupa zimatulukira kunja n'kudetsa mnofu woyandikana nalo, makamaka ngati nkhukuyo inaumitsidwapo mufiriza. Mtundu umenewo sumachoka ngakhale nyama ifike 85. Utsi wa makala ndi nkhuni nawonso umasiya kamzere kofiirira pansi pa khungu. Nkhuku ya lokolo, imene yakula miyezi yambiri ikupalasa pabwalo, sichita zimenezi kawirikawiri, n'chifukwa chake anthu amene anazolowera ya kumudzi amadabwa.

Mungasiyanitse bwanji? Mnofu wosapsa umakhala wonyezimira, woterera, wooneka ngati ukuonekera mkati, ndipo umakakamira kufupa. Mnofu wakupsa koma wodetsedwa ndi fupa umakhala wouma maonekedwe, umanyotsoka m'timitsitsi, ndipo kufiirako kumakhala kodera, kotsamira ku fupa lenilenilo. Koma maso ndi mboni yachiwiri. Mboni yoyamba ndi nambala yotengedwa pamalo oyenera. Ndiye pokhapokha mutandiuza pamene munabaya, sindingagamule kuti mlendo wanu anali ndi chifukwa chokwanira kapena ayi.

Malo oyenerawo ndi awa. Pa nkhuku yathunthu, gwirani mwendo muutambasule pang'ono, mulowetse nsonga mkati mwa ntchafu, mbali yoyang'ana kuthupi, pamene mnofu wachindikala kwambiri. Mukamva kuti yagunda fupa, bwezani pang'ono, chifukwa nambala ya pafupa si ya mnofu ndipo ikhoza kukusocheretsani. Samalaninso kuti nsonga isabowole n'kutulukira m'mimba, chifukwa mmenemo mukuyeza mpweya kapena msuzi. Mukatero yezani ntchafu inayo, popeza uvuni ndi mbaula sizitenthetsa mofanana mbali zonse. Pomaliza yezani chidale, kulowetsa kuchokera kumene kunali khosi, motsatira kutalika kwa mnofu. Ngati munaika zinthu m'mimba mwa nkhuku, monga mpunga kapena mbatata, pakati pa zimenezo payeneranso kufika 74, chifukwa zamwa madzi a nkhuku yaiwisi.

Pali kaluso kamodzi kamene ndimaphunzitsa aliyense amene wagwira choyezera koyamba. Lowetsani nsonga mopitirira pakati, kenako muziibweza pang'onopang'ono mukuyang'ana manambala. Mudzaona akutsika, afika penapake, kenako ayambanso kukwera. Pamene anatsikitsitsa m'pamene pali pakati penipeni pa nyama. Imani pamenepo mpaka nambala itasiya kuyenda. Zoyezera zambiri zotsika mtengo zimafuna masekondi 10 kapena kupitirira kuti zikhazikike, zokwera mtengo zimangofuna awiri kapena atatu. Kuzula msanga kumapereka nambala yosakhazikika, ndipo kungogunditsa pamwamba kumapereka yokwera.

Ndikupatseni chitsanzo cha zimene ndinaona m'khitchini ina pamene ndinkaphunzitsa ophika. Anatulutsa mu uvuni nkhuku ya makilogalamu pafupifupi awiri, yofiirira bwino, fungo lake lokoka malovu. Mnyamata wophika anabaya pamwamba pa chidale, panatuluka 83, iye n'kumwetulira kuti yatheka. Ndinamuuza alowetse kuchokera kukhosi mpaka pakati: 76. Ntchafu imene inali kumbuyo kwa uvuni: 78. Ntchafu imene inayang'ana kuchitseko, chimene labala wake anali atatha ndipo ankachitsegula pafupipafupi: 64. Nkhuku imeneyo inali isanapse, ngakhale manambala atatu mwa anayi anali abwino. Tinaitembenuza kuti ntchafu yotsalirayo iyang'ane kumbuyo, tinaphimba chidale ndi foyilo kuti chisaume, ndipo titayezanso patapita mphindi khumi ndi zingapo inali pa 77. Mnyamatayo akanakhulupirira 83 uja, munthu mmodzi patebulo akanadya ntchafu ya 64.

Kunena zoona, ntchafu ndi miyendo zimakoma kwambiri zikapitirira 74. Zili ndi mitsempha yambiri imene imasungunuka bwino kuyambira cha m'ma 80, ndipo pofika pamenepo kufiira kwambiri kwa m'mfundo kumakhala kutachepa. Kwa inu amene mumadyetsa alendo osakudziwani, ndingati ntchafu muzizifikitsa pakati pa 80 ndi 85. Chitetezo chinakwana kale pa 74, madigiri owonjezerawo ndi oti mbale isabwerere. Chidale ndiye chosiyana: chilibe mafuta ambiri, chikapitirira 75 chimayamba kuuma ngati chiguduli. N'chifukwa chake kuotcha nkhuku yoduladula kumaposa yathunthu pa phwando. Zidale mumaziphula msanga, ntchafu n'kutsala pamoto.

Nanga zidutswa zikakhala mazana awiri, muyeza chilichonse? Ayi. Pa ulendo uliwonse umene mwayala nyama pawaya, sankhani zidutswa zazikulu kwambiri ndi zimene zili m'mphepete, kutali ndi mtima wa moto, muyeze zitatu kapena zinayi. Chimodzi chikalephera, ulendo wonsewo sunathe. Ndipo musamawonjezere zaziwisi pakati pa zimene zatsala pang'ono kupsa, chifukwa mudzasokoneza kuti chinayamba n'chiti, komanso madzi a zaziwisizo amadonthera pa zakupsa.

Ophika ambiri kuno amayamba awiritsa nkhuku kenako n'kuikazinga kapena kuiotcha. Ena amaiona ngati njira yachimidzi, koma ine ndimaiyamikira, bola nyamayo iwire mpaka kupsa ndipo ipite pamoto wachiwiri nthawi yomweyo. Choopsa ndi kuiwiritsa mwatheka m'mawa, kuisiya m'beseni kutentha kwa mwezi wa Okutobala, n'kudzaimaliza madzulo. Ndiwo za mumphika, zimene zabwata ola lathunthu mu msuzi, sizifuna n'komwe choyezera, popeza msuzi wobwata uli pamwamba pa 90. Choyezera chimagwira ntchito pa zootcha, za pachiwaya, za mu uvuni ndi zokazinga m'mafuta ambiri, kumene kunja kumathamanga kusiya mkati.

Pa nyama yogaya nkhani yake ndi ina. Nthuli yathunthu ya ng'ombe imakhala ndi tizilombo kunja kwake, kumene kwakhudzidwa ndi mpeni, thabwa, manja ndi zam'matumbo pa nthawi yosenda. Mkati mwa mnofu mumakhala mwaukhondo, ndiye kunja kukapsa ndi moto, zambiri zatha. Makina ogayira amatenga kunja kuja n'kukusakaniza paliponse. Chimene chinali pamwamba tsopano chili pakati pa kambulunga ka nyama, kumene moto umafika pomaliza. Onjezani kuti nyama yogaya ya m'butchala imachokera ku zidutswa za nyama zingapo, ndipo makinawo sakhala akutsukidwa pakati pa kasitomala ndi kasitomala. N'chifukwa chake nthuli ikhoza kudyedwa pa 63 koma nyama yomweyo ikagayidwa ifunika 71. Ikakhala nkhuku yogaya, ibwerera ku 74.

Dziko linaphunzira zimenezi mowawa. Mu 1993 ku America anthu oposa 700 anadwala ndipo ana anayi anamwalira atadya mabaga, omwe ndi nyama yogaya youmbidwa mwaphanthiphanthi, osapsa bwino a kampani ina yogulitsa zakudya. Kachilombo kake kanali mtundu woopsa wa Ikolayi umene umakhala m'matumbo a ng'ombe, umayambitsa kutsegula m'mimba kwa magazi, ndipo kwa ana ukhoza kuwononga impso. Sikafunika kuchuluka kuti kadwalitse. Kafukufuku amene anachitika pambuyo pake anapezanso chinthu chimene chimadabwitsa ophika ambiri: baga imodzi mwa zinayi imasintha mtundu n'kuoneka yakupsa mkati isanafike pa kutentha kotetezeka. Zimachitika makamaka ndi nyama imene yakhalitsa kapena yakhudzana ndi mpweya nthawi yaitali. Ndiye taonani, nkhuku ikhoza kufiira itapsa, nyama yogaya ikhoza kudera isanapse. Maso amanamizidwa mbali zonse ziwiri.

Baga ndi yopyapyala, choncho kuibaya kuchokera pamwamba n'kulakwitsa: nsonga imapyola n'kukagunda chiwaya, ndipo mumawerenga kutentha kwa chitsulo. Inyamuleni ndi chopanira, mulowetse choyezera cham'mbali, chogona, mpaka nsonga ifike pakati. Soseji muibaye kuchokera kumapeto motsatira kutalika kwake. Timibulu ta nyama, sankhani kakakulu. Za samusa n'zosavuta, chifukwa nyama yake imakazingidwa kaye yomwazika musanakulunge, ndipo ikapsa mokwanira pamenepo nkhawa imasamukira pa kasungidwe. Musadalire mafuta okazingira samusa kuti apsetsa nyama yaiwisi mkati, chikopa chimafiira m'mphindi zochepa.

Tifike pa nkhumba. Nambala ya 63 ndi yatsopano ndithu. Mpaka 2011 a ku America ankalangiza 71 pa nyama yonse ya nkhumba, ndipo anaitsitsa poona kuti nkhumba za m'mafamu awo zimakulira m'makola otsekedwa, zimadya chakudya chogula, ndipo nyongolotsi zimene ankaziopa kale zinasowa. Ndiponso 63 imeneyo siyenda yokha. Imafuna mphindi zitatu zodikira nyama itaphulidwa, pamene kutentha kwa kunja kukupitiriza kulowa mkati. Pa nthuli yaikulu nambala imakwera ndi madigiri angapo pa nthawi imeneyo. Amene amaphula pa 63 n'kudula pompo watsatira theka la lamulo.

Funso ndi lakuti, kodi nkhumba imene mwagula inakula ngati za ku America zija? Ikakhala ya pafamu yodziwika, yophedwa kumalo ovomerezeka ndi kuyezedwa ndi a zanyama, 63 ndi mphindi zitatu n'zokwana pa nthuli yathunthu. Koma nkhumba zambiri za m'midzi ya kuno, kum'mawa kwa Zambia ndi ku Angonia m'dziko la Mozambique zimayenda zokha, ndipo kumene zimbudzi zili zochepa zimadya chimbudzi cha anthu. Mmenemo zimatola mazira a njoka ya m'mimba yaitali ija yaphanthiphanthi. Mazirawo amasanduka timatuza toyera, tokhala ngati njere za mpunga, m'mnofu, pansi pa lilime, m'masaya ndi mumtima, timene ambiri amatitcha masese. Timeneti sitili kunja kwa nyama ngati mabakiteriya a pa nthuli ya ng'ombe, tili mkati mwenimweni. Munthu akadya kamodzi kamoyo, kamakula kukhala njoka m'matumbo mwake, iye n'kuyamba kutulutsa mazira. Mazirawo akalowa m'kamwa mwa munthu, kudzera m'manja osasamba, madzi kapena chakudya, timatuza tija timakamera m'thupi mwake, nthawi zina mu ubongo. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati m'madera amene njokayi yafala, pafupifupi anthu atatu mwa khumi alionse odwala khunyu amadwala chifukwa cha iyo.

Kutentha kumapha timatuzati, ndipo 63 yofika paliponse ikhoza kukwanitsa. Vuto ndi mawu akuti paliponse. Pa 63 palibe mpata wolakwitsa: choyezera chikaphonya ndi madigiri awiri, inu n'kuphonya pakati ndi sentimita imodzi, mwatsika kale m'ma 50. Choncho langizo langa kwa munthu wogula nkhumba pamsika, amene sakudziwa kumene yachokera, ndi 71 kapena kupitirira, ndipo mukagwira 75 wa mnzanu uja palibe chimene mwataya kupatula madzi pang'ono a m'nyama. Alendo a paukwati wa ku Kawale sangakuyamikireni nkhumba yofiirira mkati ngakhale mutawaonetsa kapepala. Ndipo nyama imene mwaiona ndi maso kuti ili ndi masese musagule, ngakhale atakutsitsirani mtengo bwanji. Chekani pang'ono pa mnofu wa pamwendo kapena paphewa musanalipire. Choyezera si chida chopulumutsira nyama yoti ikanatayidwa.

Poyeza nkhumba, pewani mafuta ndi fupa, mufune pakati pa mnofu. Nthuli zopyapyala muzibaye cham'mbali ngati baga. Mwendo wathunthu kapena phewa muyeze malo atatu kapena anayi, kuphatikizapo pafupi ndi fupa koma osaligunda. Nyama imene yakulungidwa n'kumangidwa ndi ulusi, kapena yobayidwabayidwa kuti zokometsera zilowe, muitenge ngati yogaya, chifukwa kunja kwalowa mkati. Chiwindi ndi zam'kati zonse zipse mpaka pakati, osachepera 71, ndipo chiwindi cha nkhuku chifike 74. Chimenechi chimasunga Kampilobakita mkati mwake, kachilombo kamene pamodzi ndi Salimonela ndi kamene timaopa kwambiri pa nkhuku.

Tsopano za kufunsa kwanu ngati kachipangizoko n'kabodza. Mukhoza kukayesa lero lomwe. Dzazani kapu ndi ayezi wophwanyaphwanya mpaka pamwamba, thirani madzi ozizira ongokwanira kutseka mipata, takasani, dikirani mphindi ziwiri kapena zitatu. Lowetsani nsonga pakati, isagunde pansi kapena m'mbali mwa kapu. Payenera kuoneka 0. Kusiyana kwa digiri imodzi n'kololeka. Kukaposa madigiri awiri, onani ngati chili ndi batani la CAL lokonzera, kapena sinthani batire muyesenso. Chikakanika, chisiyeni. Kapu ikhale ya ayezi wambiri madzi pang'ono. Timibulu titatu toyandama m'madzi ambiri tidzakupatsani 4 kapena 5, inu n'kuimba mlandu chipangizo chosalakwa.

Yeso lachiwiri ndi la madzi obwata, ndipo apa pali msampha umene wagwetsa ambiri. Mabuku amati madzi amawira pa 100, koma izo ndi za m'mphepete mwa nyanja yamchere. Kukwera mamita 300 alionse kumachotsa pafupifupi digiri imodzi. Lilongwe ali pamtunda wa mamita opitirira pang'ono 1,000, ndiye madzi anu ku Kawale adzabwata cha pa 96 kapena 97. Ku Dedza, kumene n'kokwera kwambiri, cha pa 95. Ku Nsanje ndiko adzayandikire 100. Choncho mukaona 96 musadandaule, chili bwino. Mukaona 100 ku Lilongwe ndiye dandaulani, chifukwa chikuwonjezera madigiri atatu kapena anayi, kutanthauza kuti nkhuku imene chikuti 74 ili cha pa 70. Yesani chonchi chikakhala chatsopano, chikagwa pansi, ndiponso kamodzi pamwezi ngati mukuchigwiritsa ntchito sabata iliyonse.

Yang'ananinso kachilembo kali pambali pa nambala. Zoyezera zambiri zili ndi batani losinthira pakati pa °C ndi °F, zomwe ndi njira ziwiri zosiyana zowerengera kutentha, ndipo limadinikizika mwangozi m'thumba la epuloni. Pa °F, manambala ake ndi 165 ya nkhuku, 160 ya yogaya ndi 145 ya nkhumba. Munthu akawerenga 80 pa °F n'kuganiza kuti ndi °C, nyamayo ili pa madigiri 27 okha, yaiwisi. Sindikuganiza kuti n'zimene zinakuchitikirani, chifukwa mukanaona ndi maso, koma mtsikana watsopano amene mwamupatsa ntchito yoyeza akhoza kugwa nazo. Batani lina ndi la HOLD, limene limaimitsa nambala pagalasi. Likadinikizidwa, mukhoza kubaya nkhuku khumi zonse n'kumaonetsa 80 wa yoyamba ija. Chizindikiro chake n'chakuti nambala sitsika mukazula nsonga.

Simunanene ngati chanu n'cha manambala a pagalasi kapena cha muvi wozungulira ngati wotchi. Kusiyana kwake n'kofunika. Cha pagalasi chimamvera kunsonga, pa sentimita imodzi kapena iwiri yomaliza. Cha muvi chimamvera pa kutalika kwa masentimita asanu kapena kuposa, nthawi zambiri mpaka pa kachizindikiro kobooka pang'ono pa chitsulocho, ndipo chimapereka nambala yapakatikati ya dera lonselo. Pa mwendo wa nkhumba chimagwira ntchito. Pa ntchafu ya nkhuku chikhoza kuphatikiza 95 wa pansi pa khungu ndi 65 wa pakati n'kukupatsani 80. Ngati chanu chili cha mtundu umenewu, mwina tapeza kale chimene chinachitika Loweruka lija. Kamfuti koyezera pachipumi kamene kanafala nthawi ya Kovidi sikathandiza pa nyama, kamangoona pamwamba, ndipo ka kuchipatala kopana kukhwapa kamathera cha pa 42.

Chitsulo chobayacho chikhoza kukhalanso njira yofalitsira matenda. Mukabaya nkhuku n'kupeza 60, nsongayo yatuluka ndi madzi a nyama yosapsa. Mukaibaya mu ina imene yapsa, mwabzala tizilombo pakati pake, kumene moto sudzafikanso. Tsukani ndi madzi otentha a sopo nthawi iliyonse nambala ikalephera, komanso posintha mtundu wa nyama, kenako pukutani ndi kapepala koyera kapena thonje la sipiriti. Kansalu ka paphewa kamene kapukuta manja tsiku lonse sikoyenera. Mutu wa chipangizo, kumene kuli batire, musaumize m'madzi pokhapokha palembedwa kuti n'zololeka, ndipo musachisiye chobayidwa m'nyama mu uvuni kapena pamakala, chimasungunuka. Zosiya mu uvuni ndi zina, zokhala ndi waya wautali.

Paukwati nyama imapsa 11 koloko, koma akwati amachedwa kujambulitsa ndipo anthu amadya 3 koloko. Maola anayi amenewo ndi amene amadwalitsa anthu ambiri kuposa ntchafu yofiira. Pakati pa madigiri 5 ndi 60 tizilombo timaswana, ndipo ena mwa iwo, monga amene amachoka m'manja ndi m'mphuno mwa ophika, amasiya poizoni amene safa ngakhale mutatenthetsanso mpaka 100. Choyezera chidzaonetsa 75 wokongola, anthu n'kusanzabe usiku. Ndiye chigwiritseni ntchito ina: nyama yodikira alendo ikhale pamwamba pa 63, pa kamoto kochepa kapena m'ziwiya zija zoyatsira pansi, ndipo muziibaya ola lililonse, pakati pa mulu ndi pamwamba pake, pakuti pansi pokha ndi pamene pamatentha. Ikatsika, ndipo sipanathe maola awiri, ibwezeni pamoto mpaka ifikenso 75 musanaibwezere m'chiwiya. Muike kabuku pafupi ndi mbaula kolembamo nthawi, mtundu wa nyama ndi nambala yotsikitsitsa imene mwapeza. Tsiku lina mbale ikadzabwereranso, mudzatsegula pa tsambalo n'kuona ngati ntchafu za ulendo umenewo zinafika 82 kapena munayeza zidale zokha.